Kilaudi n'chiyani, nanga imasiyana bwanji ndi kusunga zinthu m'foni imodzi

Funso ili limabwera m'njira ziwiri. Wina amafunsa foni yake ikadzadza, pamene yayamba kukana kujambula chithunzi. Wina amafunsa foni itapita kale, mwina yasololedwa m'thumba pokwera basi ku City Market, mwina yagwera m'beseni la zochapa. Onse awiri amafuna kudziwa chimodzi: zithunzi zanga, manambala a anthu ndi mapepala anga zili kuti? Tayankha funsoli kambirimbiri, choncho tilemba pano kamodzi, mwatsatanetsatane. Tikamba kwambiri za mafoni a Android monga Tecno, itel, Infinix ndi Samsung, chifukwa ndi amene ali m'manja mwa anthu ambiri muno mu Lusaka. Za iPhone tizikhudza pamene zikusiyana.

Poyamba timvetse chinthucho

Ganizirani ndalama za pafoni. Mukaika K500 pabuthi ya Airtel Money kapena MTN, ndalamazo sizilowa m'foni yanu. Zimalembedwa pa makompyuta a kampani, pansi pa nambala yanu. Foni ikabedwa, ndalama sizipita nayo. Mumakabwezeretsa simu, n'kuiika m'foni ina, n'kulemba nambala yanu yachinsinsi, ndalama n'kuzipeza zili momwemo. Koma K500 ya pepala imene munaipinda kuseri kwa kava ya foni imapita limodzi ndi foniyo.

Kilaudi imagwira ntchito chimodzimodzi. Dzinali ndi lachingerezi, limatanthauza mtambo, koma kumwamba kulibe chilichonse. Ndi makompyuta akuluakulu otchedwa maseva, amene ali m'nyumba za makampani monga Google, Apple ndi Microsoft. Foni yanu imatumiza kopi ya chithunzi kapena fayilo kumeneko kudzera pa intaneti, ndipo kopiyo imasungidwa pansi pa akaunti yanu. Chinthu chimene chili m'foni mokha chili ngati ndalama ya kuseri kwa kava ija: chilipo chimodzi, pamalo amodzi. Memori khadi nayonso si kilaudi. Ili m'foni momwemo, wakuba amaitenga pamodzi ndi foni, ndipo makhadi otchipa amafa osachenjeza.

Kusiyana kwake kuli pa zinthu zitatu. Za m'foni mumaziona nthawi iliyonse, kaya muli ndi bandulo kaya mulibe, pamene za mu kilaudi zimafuna intaneti kuti zikwere komanso kuti zitsike. Za m'foni zimatetezedwa ndi dzanja lanu ndi loko ya pasikirini, pamene za mu kilaudi zimatetezedwa ndi pasiwedi ya akaunti. Ndipo malo a m'foni munagula kamodzi, pamene malo a mu kilaudi mumapatsidwa ochepa aulere, otsalawo n'kumalipira mwezi ndi mwezi. Google imapereka 15 GB yaulere, Apple imapereka 5 GB pa iCloud, Microsoft 5 GB pa OneDrive, ndipo Dropbox 2 GB. Dziwani kuti 15 GB ya Google ndi imodzi yokha imene Gmail, Google Drive ndi Google Photos zimagawana. Kale zithunzi zochepetsedwa pang'ono zinkasungidwa mwaulere popanda malire, koma zimenezo zinatha pa 1 Juni 2021. Amene akukuuzani kuti Google Photos sidzadza akunena za kale.

1. Dziwani akaunti imene ili m'foni yanu, ndipo ikhale yanudi

Apa ndi pamene malangizo ambiri amadumpha, koma ndi pamene anthu ambiri amatayira zinthu zawo. Tikhalapo nthawi.

Foni zambiri zikagulidwa m'tauni, kaya ku Katondo Street kaya kumsika, wogulitsa ndiye amaiyatsa. Kuti WhatsApp ilowe pamafunika akaunti ya Google, ndiye mnyamata wa pashopu amatsegula imelo mwachangu, n'kuika pasiwedi imene iye mwini aiwala dzuwa lisanalowe. Ena amatsegulitsa kwa mwana wa mlongo wawo. Foni imagwira ntchito bwinobwino zaka ziwiri, zithunzi zikukwera mu kilaudi, koma mwini foni sadziwa dzina la imelo yake, sadziwanso pasiwedi. Tsiku limene foni yatayika, zithunzi zilipo ndithu, koma zili m'nyumba imene kiyi wake mulibe. Google ilibe ofesi ku Cairo Road kumene mungapite ndi chitupa kukadandaula. Njira yokhayo ndi mafunso a pa intaneti, ndipo mafunsowo amadalira zimene munaikiratu foni ikadali m'manja.

Chitani izi lero. Tsegulani Settings, pezani Google, ndipo muona imelo yothera ndi @gmail.com. Ilembeni papepala monga momwe ilili, kadontho kalikonse ndi nambala iliyonse. Mukapeza maimelo awiri kapena atatu, lembani onse, chifukwa n'kutheka kuti zithunzi zikupita ku ina, manambala a anthu ku ina.

Kenaka yesani pasiwedi. Musayese m'foni momwemo mwachizolowezi, popeza foni imakulowetsani yokha osakufunsani kanthu. Tsegulani Chrome, sankhani New Incognito tab, lembani myaccount.google.com, n'kulowa ndi imelo ndi pasiwedi imene mukuganiza kuti ndi yanu. Ikakana, dinani Forgot password? pompano. Pamene foni ili m'manja mwanu, nthawi zambiri Google imatumiza uthenga pafoni yomweyo wofunsa ngati ndinu, ndipo kusintha pasiwedi kumatenga mphindi zochepa. Foni ikasowa, ntchito yomweyi imatha kukanika kotheratu.

Mukalowa, pitani ku gawo la Security ndipo muone zinthu ziwiri: Recovery phone ndi Recovery email. Imeneyi ndi nambala ndi imelo kumene Google idzatumize nambala yotsimikizira mukadzaiwala pasiwedi. Kawirikawiri mupeza nambala ya wogulitsa uja, kapena nambala yanu yakale ya Zamtel imene munasiya kalekale, kapena mupeza mulibe kanthu. Nambala yakale ndi yoopsa kuposa kusowa nambala, chifukwa simu ikakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito, kampani imatha kupereka nambalayo kwa munthu wina, ndipo uthenga wanu wachinsinsi uzipita kwa mlendo. Ikani nambala imene mukugwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Pa imelo yachiwiri ikani ya munthu amene mumamudalira, monga akazi anu, amuna anu kapena mwana wanu wamkulu.

Pali kanthu kena kamene anthu saganizira. Simu ya nambala imeneyi inalembetsedwa m'dzina la ndani? Kuno ku Zambia simu iliyonse imalembetsedwa ndi chitupa cha NRC kapena chiphaso china chovomerezeka, ndipo pobwezeretsa simu yotayika amafuna mwini dzinalo. Ngati simu yanu inalembetsedwa ndi chitupa cha achimwene anu amene anasamukira ku Chipata, ndiye kuti foni ikabedwa mwataya zinthu ziwiri nthawi imodzi: nambala, ndi njira yolowera mu akaunti. Konzani zimenezi ku ofesi ya kampani yanu ya foni zinthu zisanavute.

Ngati akaunti yanu ili ndi 2-Step Verification, ndiko kuti polowa imafuna pasiwedi komanso chitsimikizo china chochokera pafoni, pezani Backup codes m'gawo lomwelo. Google ikupatsani manambala 10, iliyonse ya madijiti 8, ndipo iliyonse imagwira ntchito kamodzi kokha m'malo mwa uthenga wa pafoni. Alembeni ndi cholembera, muwaike kumene mumasunga satifiketi ya sukulu ndi makhadi a kuchipatala a ana. Musawajambule n'kuwasiya m'foni yomweyo. Kumeneko n'kutsekera kiyi m'nyumba.

2. Werengani katundu wanu musanayambe kukweza

Kukweza zinthu mu kilaudi kumadya bandulo mofanana ndi kutsitsa. Chithunzi cha 3 MB chimadya 3 MB pokwera. Choncho muyambe mwadziwa kuchuluka kwa zimene muli nazo. Mu Settings pezani Storage, muone kukula kwa zithunzi ndi mavidiyo. Kenaka lembani one.google.com/storage mu Chrome kuti muone malo amene atsala pa 15 GB ija.

Tiyerekeze mayi wina amene amagulitsa zitenje ku Kamwala. Foni yake ndi ya 64 GB, ndipo yatsala pang'ono kudzadza. Ali ndi zithunzi 2,400 za pa kamera, za katundu, za malisiti ndi za ana. Chilichonse chikakhala cha 3 MB, zonse pamodzi ndi pafupifupi 7 GB. Ali ndi mavidiyo a mphindi 50, a chilanga mulilo cha mwana wake ndi a kwaya ya kutchalitchi. Mphindi imodzi ya vidiyo yooneka bwino imatha kufika 100 MB, choncho tiike 5 GB. WhatsApp yake, pamodzi ndi mavidiyo onse a m'magulu, ndi 4 GB. Kuphatikiza zonse ndi 16 GB, ndipo malo aulere ndi 15 GB. Sizikwana.

Mayiyu sayenera kuthamangira kulipira. Mavidiyo a m'magulu a WhatsApp ambiri ndi nthabwala ndi maulaliki otumizirana, amene aliyense ali nawo. Akawachotsa pa zokwezedwa, WhatsApp itsika mwina kufika pa 1.5 GB, zonse pamodzi n'kukhala 13.5 GB. Akasankhanso Storage saver mu Google Photos, mavidiyo ndi zithunzi zimapanikizidwa n'kuchepa, moti malo otsala amakula. Njira imeneyi imatsitsa zithunzi zazikulu kufika pa 16 MP ndi mavidiyo kufika pa 1080p. Pa zithunzi za zitenje ndi malisiti kusiyana kwake simungakuone ndi maso. Ojambula zithunzi za maukwati amene amakasindikiza zazikulu ndi amene ayenera kusankha Original quality, n'kuvomera kulipira malo.

Chotsala ndi bandulo. Magigabaiti opitirira khumi si a bandulo ya tsiku limodzi. Ulendo woyamba ndi umene umalemera, choncho uchitireni pa wayifayi ya kuntchito kapena ya m'bale wanu, foni ili pachaja. Ukatha ulendo woyamba, zokwera tsiku ndi tsiku zimakhala zochepa, zithunzi khumi ndi 30 MB basi.

3. Yatsani kukweza zithunzi, ndipo musaiwale mafoda ena

Tsegulani Google Photos, dinani chithunzi chanu kapena chilembo cha dzina lanu pakona ya kumanja m'mwamba, lowani mu Photos settings, kenaka Backup, n'kuyatsa. Onetsetsani kuti imelo imene yalembedwa pamenepo ndi ija mwaitsimikiza pa sitepe yoyamba.

Cholakwa chofala chili apa. Mukayatsa Backup, zimene zimakwera zokha ndi zithunzi zojambulidwa ndi kamera ya foni. Zithunzi zimene munalandira pa WhatsApp, zimene munajambula pasikirini ndi zimene munatsitsa pa intaneti zimakhala m'mafoda ena, ndipo pa mafoni ambiri sizikwera mpaka mutazilola. Pezani Back up device folders ndipo muyatse foda iliyonse imene mukuifuna. Kwa mayi wa ku Kamwala uja, foda ya Screenshots ndi yofunika kwambiri, chifukwa ndi mmene muli maumboni a ndalama zimene makasitomala anatumiza. Foda ya WhatsApp Images muiganizire kawiri: muli zithunzi za abale, koma mulinso maluwa mazanamazana a "mwadzuka bwanji". Yambani mwachotsa zinyalala, kenaka muyatse.

Onaninso Mobile data usage. Ngati yaikidwa kuti isagwiritse ntchito data ya pa simu, foni imadikira wayifayi. Munthu amene salumikiza foni yake ku wayifayi chaka chonse amakhala ndi Backup yoyatsa koma palibe chithunzi ngakhale chimodzi chimene chakwera. Ngati ndinu wotero, lolani data ya pa simu koma muike malire a patsiku, ndipo mavidiyo muwasiyire wayifayi. Mafoni ena amazimitsanso mapulogalamu ogwira ntchito kuseri pofuna kusunga batire, makamaka masiku a kuzimazima kwa malaiti pamene aliyense amayatsa njira yosungira moto. Zikatero tsegulani Google Photos, muisiye yotsegula foni ili pachaja, mpaka ilembe Backup complete.

4. Manambala a anthu, WhatsApp ndi mapepala

Manambala a anthu ndi osavuta. Posunga nambala yatsopano, foni imafunsa kapena imasankha yokha kumene ikaike: pa simu, m'foni, kapena pa akaunti ya Google. Sankhani akaunti. Manambala akale amene ali pa simu kapena m'foni muwasamutse ndi Import kapena Move mu pulogalamu ya Contacts. Sadya malo oti n'kudandaula nawo.

WhatsApp imasokoneza anthu ambiri. Amaganiza kuti popeza imayenda pa intaneti, ndiye kuti mauthenga awo akusungidwa kwinakwake. Ayi. Uthenga ukafika kwa inu umakhala m'foni yanu, ndipo kampaniyo sikusungirani mbiri ya zokambirana zanu. Kuti zisungidwe, lowani mu Settings, Chats, Chat backup, musankhe akaunti ya Google ndi kuti izikweza kangati. Zimitsani Include videos ngati malo ndi ochepa. Kuyambira mu 2024 zokwezedwa za WhatsApp pa Android zimawerengedwa pa 15 GB ija, pamene kale sizinkawerengedwa. Kuti mudzazibwezeretse pa foni yatsopano pamafunika nambala yomweyo ndi akaunti ya Google yomweyo, ndipo funso lobwezeretsa limabwera pamene mukuika WhatsApp koyamba. Mukadina Skip mwachangu, musayambe kucheza. Ichotseni n'kuiikanso, chifukwa ikakweza zatsopano imatha kufafaniza zakale zija. Ngati mwayatsa End-to-end encrypted backup ndi pasiwedi, pasiwediyo muilembe papepala lija. Mukaiiwala foni itatayika, palibe amene angakutsegulireni.

Musatengenso WhatsApp ngati malo osungira mapepala. Ambiri amadzitumizira okha satifiketi kapena kalata yofunsira ntchito, n'kumati zasungika. Mapepala otere, monga kopi ya NRC, zotsatira za mayeso a Giredi 12, pangano la lendi ndi malisiti a sukulu, aikeni mu Google Drive. Tsegulani Drive, dinani chizindikiro cha +, sankhani Upload pa fayilo imene ilipo kale, kapena Scan kuti mujambule pepala. Lipatseni dzina lomveka, osati manambala aataliatali amene kamera imaika. Pa mapepala ochepa amene mungawafune pamalo opanda netiweki, dinani timadontho titatu pambali pa fayilo n'kusankha Make available offline. Mukatero kopi imodzi imatsala m'foni, ina ili mu kilaudi.

5. Tsimikizani ndi maso anu pa chipangizo china

Musakhulupirire kuti zakwera chifukwa choti mukuziona m'foni mwanu. Google Photos imaonetsa pamodzi zithunzi za m'foni ndi za mu kilaudi, moti poyang'ana chabe simungasiyanitse. Bwerekani foni ya mnzanu kapena kompyuta, tsegulani Incognito, lowani pa photos.google.com ndi akaunti yanu. Zimene mukuona pamenepo ndi zokhazo zimene zili mu kilaudi. Funani chithunzi cha dzulo, kenaka chithunzi cha zaka zitatu zapitazo, kenaka vidiyo imodzi. Chitaninso chimodzimodzi pa contacts.google.com ndi drive.google.com. Ngati chithunzi chomaliza chimene mukuona ndi cha miyezi isanu yapitayo, kukweza kunaima nthawi imeneyo, mwina chifukwa cha data, mwina malo anadzadza.

Mayeso amenewa amakuuzaninso ngati mungathe kulowa mu akaunti popanda foni yanu, ndipo ndicho chenicheni chimene mudzafune tsiku la tsoka. Mukamaliza dinani Sign out, makamaka ngati muli pa kompyuta ya pamalo osindikizira mapepala kumene anthu amasinthana mpando tsiku lonse.

6. Kuchotsa: apa musachite phuma

Tsopano foni ija yodzadza mukufuna kuipepuza. Anthu ambiri amaganiza motere: zithunzi zakwera, ndiye ndizichotse m'foni. Amalowa mu Google Photos, n'kusankha zithunzi mazana, n'kudina kabini. Mawa lake apeza kuti zasowa konsekonse.

Chifukwa chake n'chakuti Google Photos si nkhokwe imene mumathiramo chimanga n'kutseka. Imalunzanitsa, ndiko kuti imayesetsa kuti za m'foni ndi za mu kilaudi zifanane. Mukadina kabini mkati mwa Google Photos, mwalamula kuti chithunzicho chichoke m'foni, mu kilaudi, ndi pa chipangizo chilichonse chimene chili pa akaunti imeneyo. Foni imachenjeza, koma chenjezolo lili m'Chingerezi ndipo anthu amangodina. Pa iPhone zilinso chimodzimodzi ngati iCloud Photos ndi yoyatsa: chimene mwachotsa pafoni chachokanso mu iCloud.

Njira yoyenera ndi ina. Mu Google Photos dinani chithunzi chanu pakona ija n'kusankha Free up space on this device. Pulogalamuyo imachotsa m'foni zithunzi zokhazo zimene yatsimikiza kuti zakwera, n'kusiya za mu kilaudi. Ngati ndi chithunzi chimodzi, chitseguleni n'kusankha Delete from device, osati kabini. Pa iPhone yatsani Optimize iPhone Storage, imene imasiya tizithunzi tochepa m'foni, zazikulu n'kukhala mu iCloud.

Mukalakwitsa, musataye mtima msanga. Zochotsedwa zimayamba zakhala mu Bin kapena Trash. Mu Google Photos chithunzi chimene chinakwera chimakhalamo masiku 60, chimene sichinakwere masiku 30. Mu Google Drive ndi masiku 30, ndipo pa iPhone foda ya Recently Deleted imasunga masiku 30. Masikuwa akatha, kapena mukakhuthula bini nokha, zapita.

Muzindikirenso chimene mwasinthanitsa. Mayi wa ku Kamwala akadina Free up space, apeza malo okwana 12 GB m'foni. Koma kuyambira pamenepo zithunzi zakezo zili pamalo amodzi okha, mu kilaudi. Kasitomala akafuna kuona chitenje cha chaka chatha, mayiyu afunika bandulo kuti chithunzi chitseguke bwino. Ndipo akaunti ikadzatayika, palibenso kopi ina. N'chifukwa chake sitepe yoyamba ija tinaitalikitsa. Ife timalangiza kuti zinthu zimene sizingajambulidwenso, monga zithunzi za ukwati kapena za makolo amene anatisiya, muzikopere pa kompyuta kapena pa fulashi musanazichotse m'foni, n'kuisunga kunyumba. Zithunzi za katundu amene anagulidwa kale zikhoza kukhala mu kilaudi mokha.

7. Malo akadzadza, komanso akaunti ikagona

15 GB ikadzadza, zithunzi zimasiya kukwera, WhatsApp imasiya kusunga, ndipo Gmail imasiya kulandira ndi kutumiza makalata. Chomalizachi ndi chimene chimapweteka mwakachetechete: munthu wafunsira ntchito, akudikira yankho, koma kalata ikubwerera kwa woitumiza. Mukaona chenjezo loti malo atsala pang'ono, lowani pa one.google.com/storage, muone chimene chikudya malo. Nthawi zambiri ndi mavidiyo ochepa aakulu. Atsitsireni pa kompyuta, muwachotse, mukhuthule bini, chifukwa za mu bini ya Drive ndi ya Gmail zimawerengedwabe. Ngati mukufunadi malo ambiri, Google One imayambira pa 100 GB pa mapulani ake odziwika, ndipo ndi ya mwezi ndi mwezi ngati lendi. Mukasiya kulipira zinthu sizichotsedwa tsiku lomwelo, koma akaunti imabwerera pa 15 GB, ndipo ngati mwapitirira pamenepo zonse zija zimaima mpaka mutachepetsa.

Ena amatsegula maakaunti anayi kuti apeze malo aulere ambiri. Zimatheka, koma mapasiwedi anayi ndi manambala anayi obwezeretsera ndi katundu wolemera, ndipo kuyambira mu Disembala 2023 Google ikhoza kuchotsa akaunti imene yakhala zaka 2 osagwiritsidwa ntchito, pamodzi ndi zonse zimene zilimo. Akaunti imene munathiramo zithunzi n'kuiiwala ndi imene ili pangozi imeneyi.

8. Popereka foni kwa okonza, poigulitsa, kapena ikabedwa

Okonza mafoni akati "tiifulashe", akutanthauza kufufuta zonse za m'foni n'kuikamo pulogalamu yake mwatsopano. Za m'foni zimatha, za mu kilaudi sizikhudzidwa. Musanavomere, bwerezani sitepe 5. Dziwaninso kuti foni ya Android ikafufutidwa akaunti isanachotsedwe, poyatsa imafunsa imelo ndi pasiwedi ya akaunti imene inalimo. Ndi loko yoletsa akuba, koma imatsekeranso kunja eni ake amene sadziwa pasiwedi yawo.

Pogulitsa foni kapena popatsa mng'ono wanu, kuchotsa zithunzi chimodzichimodzi n'kulakwa kawiri: mukhoza kuzichotsanso mu kilaudi, ndipo akaunti imatsalabe m'foni. Ikatsala, zithunzi za mwini watsopano zizikwera kwa inu, ndipo iye aziona zanu. Chotsani kaye akaunti mu Settings, pa Accounts, ndi Remove account, kenaka muchite Factory reset, n'kutulutsa memori khadi ndi simu.

Foni ikabedwa, yambani ndi simu: dziwitsani kampani yanu kuti aitseke, mukabwezeretse nambala ndi chitupa chanu. Kenaka lowani pa myaccount.google.com pa chipangizo china, musinthe pasiwedi, ndipo pa Your devices mutulutse foni yobedwayo mu akaunti. Ngati mukufuna kuifufuta ili kutali, chitani zimenezo musanaitulutse, pa android.com/find, ndipo lamulolo limagwira foniyo ikadzalumikizidwa ku intaneti. Pa foni yatsopano, musalole aliyense kukutsegulirani imelo ina. Lembani nokha imelo ija ya papepala, ndipo manambala a anthu ayamba kubwera m'mphindi zochepa, zithunzi zioneka mu Google Photos, kenaka muike WhatsApp n'kudina Restore ikafunsa.